Modyulo Ili M'manja, Aphunzitsi Ali Kutali: Kukonza Ndondomeko Yowerengera Ikamakanika

Semesita iliyonse madandaulo amakhala omwewo. Anthu timapita ku koleji masabata ochepa, alekichala amatipatsa mamodyulo, amatiuza tsiku lopereka asainimenti ndi mwezi wa mayeso, kenako aliyense kwawo. Kuchokera pamenepo palibe belu, palibe woitana mayina, palibe amene angakufunse kuti wafika pa yuniti iti. Masabata 8 akapita, mafoni amayamba kulira: "Akulu, inu mwafika pati? Ine sindinatsegule n'komwe."

Ine dipuloma yanga ya uphunzitsi ndinaichita motere ndikuphunzitsa Sitandade 6, ndipo semesita yoyamba ndinalephera modyulo imodzi osati chifukwa chovuta, koma chifukwa ndinaiyamba kutatsala masiku 9. Zomwe ndalemba apazi ndi zimene ndinaphunzira pamenepo komanso pothandiza anzanga a m'gulu lathu lowerengera. Pezani chizindikiro chomwe chikufanana ndi chanu. Zoyambitsa ndazindandalika kuyambira chofala kwambiri.

Chizindikiro 1: Masabata akupita, modyulo sinatsegulidwe

Mumadziuza kuti muyamba Lolemba. Lolemba likafika, pali maliro, pali kuchonga, pali mwana wadwala.

Zoyambitsa:

1. Simukudziwa kukula kwa ntchitoyo. Mukungoona buku, simukuona maola.
2. Tsiku lokhalo lomwe mukulidziwa lili kutali, ndiye mtima ukuti nthawi ilipo.
3. Mulibe ola ndi malo zokhazikika, moti tsiku lililonse mumayamba kaye kuganiza kuti muwerenga nthawi yanji.
4. Modyuloyo ili m'foni yokha, ndipo mukaitsegula mumathera pa WhatsApp.

Choyambacho ndiye muzu, ndipo mankhwala ake ndi masamu a pulayimale. Tengani modyulo, khalani nayo ola limodzi lathunthu, muwerenge monga mmene muyenera kuwerengera: kulemba manotsi ndi kuyankha timafunso ta mkati. Ola likakwana, werengani masamba omwe mwamaliza. Nambala imeneyo ndi liwiro lanu lenileni. Musaiyerekeze, iyeseni, chifukwa pafupifupi aliyense amadzinamiza kuti amathamanga.

Nachi chitsanzo changa cha semesita yachiwiri. Modyulo ya kayesedwe ka ophunzira inali ndi masamba 180, mayuniti 9. Nditadziyesa ndinapeza kuti ndimamaliza masamba 5 pa ola. Ndiye kuti kuwerenga koyamba kokha kunafuna maola 36. Maasainimenti anali awiri, iliyonse ndinaiikira maola 10, kupanga 20. Kubwereza pokonzekera mayeso ndinaika maola 14. Zonse pamodzi maola 70, modyulo imodzi. Ndinali nawo anayi. Maola 280.

Kuchokera tsiku lomwe ndinabwerako ku koleji kufika mayeso panali masabata 14. Awiri ndinawachotseratu, podziwa kuti kwathu kuno sizingatheke miyezi itatu kutha popanda maliro, chinkhoswe kapena malungo. Anatsala 12. Mukagawa 280 ndi 12 mupeza maola oposa 23 pa sabata. Nditaona nambalayo ndinasiya kunena kuti nthawi ilipo.

Ngati koleji yanu imalemba makirediti pa modyulo, muli ndi poyambira pena. Ku Joni ndi ku Mangalande kirediti imodzi amaiwerengera maola 10 a ntchito yonse ya wophunzira, moti modyulo ya makirediti 12 ya ku yunivesite ya UNISA imatanthauza maola pafupifupi 120. Komabe dziyeseni nokha, poti nambala ya koleji sidziwa kuti inu munasiya sukulu liti.

Pa choyambitsa chachinayi: sindikizani yuniti ya sabata imeneyo yokha, masamba 20 basi, muiike m'thumba. Kusindikiza modyulo yonse kamodzi n'kodula, ndipo buku lalikulu limaopseza.

Chizindikiro 2: Ndandanda ilipo, yokongola, koma imafa pasanathe masabata awiri

Ili ndiye vuto la anthu akhama. Amajambula bwino ndi rula, amamata pakhoma, masiku atatu oyamba zonse zikuyenda. Lachinayi magetsi azima, Lachisanu kuli msonkhano wa makolo, Loweruka ngongole ya maola yakula, ndandanda yasanduka chinthu chochititsa manyazi, munthu n'kusiya kuiyang'ana.

Zoyambitsa:

1. Munaika maola omwe mumalakalaka mutakhala nawo, osati omwe muli nawo.
2. Simunasiye mpata wobwezera zomwe zaphonyeka.
3. Munalemba nthawi yokha, monga "7 mpaka 9 kuwerenga", osalemba choti chithe.
4. A pakhomo sakudziwa za ndandandayo.

Kafufuzidwe kake: sabata imodzi musasinthe kalikonse, muzingolemba pakapepala nthawi iliyonse yomwe mwakhaladi pansi ndi modyulo. Lamulungu madzulo phatikizani. Ngati ndandanda ikuti maola 25 koma kapepala kakuti 9, vuto si ulesi, ndandandayo ndi yabodza.

Ine nditawerenga moona mtima ndinapeza izi. M'mawa kuyambira hafu pasiti 4 mpaka 6 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi maola 7 ndi theka. Loweruka m'mawa maola 4. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi maola 2 ndi theka. Zonse 14. Usiku sindinauwerengere, chifukwa munthu amene waima tsiku lonse pamaso pa ana oposa 90 akatsegula buku 8 koloko usiku amangowodzera tsamba lomwelo. Maola 14 kwa masabata 12 ndi 168. Ofunika anali 280. Apa m'pamene ambiri amakhumudwa, koma kuliona dzenjelo sabata yoyamba n'kwabwino kuposa kugweramo sabata ya 12.

Ndinalikwirira motere. Ana akaweruka ndinkatsalira m'kalasi ola limodzi, masiku anayi pa sabata, ndisanapite kunyumba komwe ntchito zimandidikira pakhomo penipeni. Izi zinakweza sabata kufika maola 18, ndiye kuti 216. Mkati mwa semesita munagwa masabata awiri a holide ya ana, ndipo iliyonse inandipatsa maola 10 owonjezera: 236. Kenako ndinayesanso liwiro pa mamodyulo enawo. Awiri anali a zinthu zomwe ndimachita tsiku lililonse m'kalasi, ndipo ndinkadutsa masamba 10 pa ola. Iliyonse inandipulumutsira maola 18, ofunika n'kutsika kufika 244. Otsala 8 aja ndinadziwa kuti atuluka m'masabata awiri osungira.

Tsopano masiku omaliza odziikira nokha. Yambirani kumapeto, kubwerera m'mbuyo. Asainimenti yoyamba ya modyulo ija inkafunika kumapeto kwa sabata 5 ndipo inkachokera m'mayuniti 1 mpaka 4. Yachiwiri kumapeto kwa sabata 10, mayuniti 5 mpaka 7. Ndiye ndinagawa chonchi:

- Sabata 1 mpaka 3: mayuniti 1 mpaka 4
- Sabata 4: kulemba asainimenti yoyamba
- Sabata 5: yopanda kanthu
- Sabata 6 mpaka 8: mayuniti 5 mpaka 7
- Sabata 9: kulemba yachiwiri
- Sabata 10: yopanda kanthu
- Sabata 11 ndi 12: mayuniti 8 ndi 9
- Sabata 13 ndi 14: kubwereza ndi mapepala a mayeso akale

Onani pomwe masabata opanda kanthuwo ali: pafupi ndi tsiku lopereka, osati kumapeto kwa semesita. Mpata wosungidwa kumapeto suthandiza munthu amene asainimenti ikumufuna mawa. Ndipo musawadzaze pasadakhale. Sabata 5 yanga inadyedwa ndi maliro a malume ku Ntcheu, masiku anayi athunthu, koma asainimenti inali italembedwa kale.

Yang'ananinso kalendala ya munda. Ngati semesita yanu ikudutsa Disembala ndi Janyuwale ndipo muli ndi munda, Loweruka la kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza si lanu. Epulo ndi Meyi n'chimodzimodzi ndi kukolola. Lichotseni poyamba pomwe, kapena muike padera ndalama ya aganyu.

Za pakhomo musazione mopepuka. Mayi a kunyumba kwanga ankaganiza kuti Loweruka m'mawa ndimangokhala, ndiye ankandituma ku chigayo. Nditawaonetsa pepala la maola lija anangoti, "Bwanji simunanene kale, bambo a mwana? Chigayo chikhale cha masana." Nkhani inathera pomwepo. Kwa azimayi ophunzira kukambirana kumeneku kumakhala kovutirapo, chifukwa m'bandakucha womwe ine ndinkawerenga iwo ali pa madzi ndi pa moto. Tchulani maola enieni ndi ntchito yeniyeni yomwe wina aitenge. Kungoti "muzindithandiza" sikusuntha kanthu.

Chizindikiro 3: Mukuwerenga ndithu, koma simukudziwa ngati zikulowa

M'kalasi mphunzitsi amakufunsa, ukalakwa umadziwa pompo. Pano mungathe miyezi iwiri mukudzikhulupirira, choonadi n'kudzatulukira pa malikisi a asainimenti.

Zoyambitsa:

1. Mumadumpha timafunso ta mkati mwa yuniti, kapena mumasuzumira mayankho musanayese.
2. Manotsi anu ndi kukopera buku.
3. Simubwerera ku yuniti yomwe munamaliza.

Yesani izi lero lomwe. Tsekani modyulo, tengani pepala loyera, lembani zonse zomwe mukukumbukira za yuniti ya sabata yatha kwa mphindi 10. Kenako tsegulani tsamba loyamba la yunitiyo pomwe pali zolinga zake, paja amalemba kuti pomaliza yuniti ino muzitha kuchita zakutizakuti. Chongani cholinga chilichonse chomwe pepala lanu lachikhudza. Ngati pa zolinga 5 mwakhudza ziwiri, yunitiyo simunaimalize, munangoidutsa.

Kukonza kwake n'kusintha tanthauzo la mawu oti "ndamaliza". Yuniti yatha pokhapokha timafunso take mwatiyankha polemba, buku lili chotseka, n'kudzichonga. Pa ndandanda musalembe "kuwerenga yuniti 3", lembani "mafunso a yuniti 3 ayankhidwe pofika Loweruka 10 koloko". Loweruka lililonse mphindi 20 zoyambirira zikhale za pepala loyera lija pa yuniti imodzi yakale. Zimapweteka, poti mumaona zomwe mwaiwala, koma kuwerenganso tsamba lomwe mukulizindikira kale kumangosangalatsa mtima.

Pezaninso munthu mmodzi, osati gulu la anthu 60 la pafoni lomwe limadzaza ndi mauthenga a fizi ndi nthabwala. Gwirizanani kuti Lamulungu lililonse 5 koloko muzitumizirana chithunzi cha mayankho olembedwa pamanja. Munthu ameneyo ndiye belu lanu. Wanga anali mayi wina wophunzitsa kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndikachedwa ankangolemba kuti, "Aphunzitsi, chithunzi chija netiweki yadya?"

Chizindikiro 4: Mwakakamira pa yuniti imodzi, alekichala sakuyankha

Zoyambitsa:

1. Yunitiyo yatsamira pa chinthu cha m'mbuyo chomwe munaiwala.
2. Funso lomwe munatumiza ndi lotambalala, losayankhika pa foni.
3. Munagwiritsa njira yomwe iwo saiyang'ana.
4. M'modyulo muli cholakwika, monga nambala yosindikizidwa molakwa m'chitsanzo.

Yuniti 5 ya modyulo ija inali ya masamu oona mmene malikisi a ana atalikirana ndi avereji ya kalasi. Ndinakhalapo masiku 6, tsamba lomwelo, mamodyulo ena onse ataima. Nditafufuza bwino, chomwe chinkandikola sichinali cha koleji ayi: ndinali nditaiwala kuti nambala yotsika pansi pa ziro ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imatuluka yokwera. Mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale yoyandikana nafe anandimasula pa mphindi 15, tili chiimire pa siteji.

Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi lakuti chinthu chimodzi ndisakhalepo kupitirira maulendo awiri owerenga. Ulendo wachiwiri ukatha, lembani malo enieni pomwe mwatayikira, tumizani funso, pindani tsambalo, pitirirani. Musanapitirire onani kaye ngati yuniti yotsatira ikudalira imeneyi. Ngati ikudalira, sinthani modyulo sabata imeneyo.

Funso lakuti "yuniti 5 sindikuimva, ndithandizeni" limafuna ola la lekichala yemwe ali ndi ophunzira mazana. Lembani loti ayankhe ndi mizere iwiri: "Pepani aphunzitsi, ndine wa chaka choyamba, modyulo ya kayesedwe. Pa tsamba 94, chitsanzo chachiwiri, ine ndikupeza 6 pomwe buku likuti 4. Ntchito yanga ndi iyi pachithunzipa. Kodi ndalakwitsa pa mzere wachitatu?" Funso lotere ngakhale mnzanu wa chaka chachiwiri aliyankha.

Onani tsamba loyambirira la modyulo kapena zomwe anakuuzani ku koleji za njira yofunsira. Ena amayankha imelo yokha, ena pa Moodle, tsamba la pa intaneti lophunzirirapo, ena kudzera kwa mtsogoleri wa kalasi. Mukatumiza dikirani masiku ogwira ntchito 5, kumbutsani kamodzi mwaulemu, kenako pitani kwa woyang'anira pulogalamu yanu. Mafunso osafulumira alembeni kuseri kwa kope, mudzawatulutse tsiku lokumana maso ndi maso.

Chizindikiro 5: Maasainimenti onse aunjikana sabata imodzi

Ichi n'chachidule. Alekichala osiyanasiyana amakonda kuika masiku oyandikana, ndipo inu munawerenga mafunsowo mochedwa.

Werengani mafunso a maasainimenti onse sabata yoyamba, musanayambe yuniti 1, kuti mukamawerenga muzitola mfundo ndi manambala a masamba. Kenako asiyanitseni nokha. Maasainimenti anayi a maola 10 sangakwane m'sabata ya maola 18, ndiye a mamodyulo osavuta alembeni sabata 2 ndi 3, ovuta atsale a sabata 4. Kudumphadumpha pakati pa anayi usiku umodzi ndi kuja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tsiku lanu lopereka likhale masiku atatu lisanafike la koleji. Tsiku lomaliza ndi lomwe bandulo imatha, magetsi amazima, ndipo potumizira pamadzaza. Mukatumiza jambulani sikirini ya foni yosonyeza kuti yalandiridwa. Ngati mwapereka pamanja, sainani m'buku ndipo sungani kope yanu.

Chizindikiro 6: Mwatsalira kwambiri, mayeso ayandikira

Musayambe ndi kulumbira kuti muzigona maola atatu. Bwerezani masamu a m'chizindikiro choyamba ndi zomwe zatsala: masamba otsala kugawa ndi liwiro lanu, kuyerekeza ndi maola enieni otsala.

Ngati kusiyana kuli kochepa, monga mukufuna maola 60 ndipo muli ndi 45, dulani motere. Choyamba asainimenti iliyonse yosaperekedwa, chifukwa imalowa m'malikisi omaliza ndipo m'makoleji ena popanda iyo salola kulemba mayeso. Onani malamulo a kwanu. Chachiwiri, tengani mapepala a mayeso a zaka zitatu zapitazo muone mayuniti omwe amabwerabwera, amenewo muwawerenge mokwanira. Otsalawo werengani zolinga, chidule cha kumapeto ndi timafunso. Manotsi okongola asiyeni.

Ngati mukufuna maola owirikiza kawiri omwe muli nawo, ndondomeko singakupulumutseninso. Werengani gawo lotsatirali.

Pomwe muyenera kusiya kudzithandiza nokha

Pitani kapena imbani ku ofesi ya koleji, osadalira zonena za m'gulu, zikakhala chonchi:

- Dzina lanu silikuoneka pa modyulo yomwe mukuwerenga, kapena asainimenti yomwe munapereka ikuoneka ngati sinafike.
- Matenda, uchembere kapena maliro akulepheretsani kupereka pa nthawi. Lembani tsikulo lisanadutse, ndi kalata ya kuchipatala kapena umboni wina. Pempho lofika tsiku litapita limavuta kwambiri.
- Mwaona kuti mamodyulo onse simungawakwanitse. Funsani woyang'anira pulogalamu kapena ofesi ya kaundula ngati n'kololedwa kuimika modyulo kapena semesita, tsiku lomaliza kutero, ndi zomwe zichitike ndi fizi. Yankho likhale lolembedwa. Kungosowa osanena kumalembedwa ngati kulephera.
- Lekichala wakhala chete kupitirira masabata awiri mutakumbutsa, ndipo funso lanu likukhudza asainimenti.

Wina akadzakuuzani kuti akulemberani asainimenti pa mtengo wakuti, ameneyo si katswiri woti mumuitane. Zikadziwika chilango chake chimatha kufika pochotsedwa sukulu, ndipo zikapanda kudziwika m'chipinda cha mayeso mudzalowa nokha.

Pitani kuchipatala ngati maso akupweteka kapena zilembo zikuchita mbuu mukawerenga pang'ono, kapena mutu ukuwawa nthawi iliyonse mukagwira buku. Mnzathu wina ankadzitcha waulesi semesita yonse, pomwe ankangofunika magalasi. Chimodzimodzi ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa tulo tikusowa, chakudya sichikulowa, palibe chomwe chikukusangalatsani, ndipo mantha akukugwirani mukangoona modyulo: kaonaneni ndi adokotala kapena mlangizi wa ophunzira ngati koleji yanu ili naye. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, uzani munthu yemwe mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo akuperekezeni kuchipatala chomwe chili pafupi.